Pokonza chithunzi chakale, diso silibwerekedwa

Mvula ikatha ndiye nyengo imene zithunzi zakale zimatuluka m'masutikesi. Anthu akamayanika zovala ndi mabulangete amene anagwira chinyezi, amapezanso envelopu ija ya zithunzi za makolo, zina zitamatirirana, zina zili ndi mizere yoyera ngati zinakandidwa ndi mphaka. Makalata angapo amene afika pa tsamba lino akufunsa funso limodzi: kodi kompyuta ingabweze chithunzi chotere mwakale? Monga munthu amene ndimagwira ntchitoyi mu situdiyo, yankho langa ndi lakuti zimatengera malo amene pakandikapo, osati kukula kwa mzerewo. Mzere wautali wodutsa pa khoma ndi pa jekete umatha m'mphindi zochepa. Koma kachibowo kochepa ngati njere ya chimanga, kakakhala pa diso la munthu, kangathe kukhala kosabwezeka mpaka kalekale.

Kuti izi zimveke, tiyambe taona mmene chithunzi chakale chosakhala cha makala chinapangidwira. Pansi pali pepala loyera. Pamwamba pa pepalalo pali kachikopa kopyapyala kwambiri ka jelatini, chinthu chonga ulimbo chimene chimachokera ku mafupa ndi zikopa za nyama, ndipo m'kachikopamo ndi mmene muli tinjere ta siliva tosaoneka patokhapatokha. Pamene tinjereti tachulukana pamaoneka pakuda, pamene tachepa pamaoneka potuwa. Nkhope ya agogo anu yonse ili m'kachikopa kameneka, osati m'pepala. Choncho msomali kapena mchenga ukapalapo mpaka kuonetsa pepala loyera, chimene chinali pamenepo chapita pamodzi ndi fumbi. Pansi pake palibe chithunzi china chobisala chimene makina angakumbe. Jelatini yemweyu ndiye amakopa mphemvu ndi njenjete, amachita chuku, ndipo akanyowa amafewa n'kumatirira pa galasi la fulemu.

Nanga zida zokonzera za pa kompyuta zimachita chiyani? Zimaika chigamba. Zimachita zomwe amachita telala malaya akang'ambika pa chigongono: amadula kansalu m'kati mwa mpendero wa malaya omwewo n'kusokerera pong'ambikapo. Chida chimakatenga timadontho pamalo abwino oyandikana ndi pokandikapo n'kuphimba nato mzere uja. Chikhoza kunamiza maso kotheratu, koma chimatero pokhapokha ngati malo oyandikanawo akufanana ndi zimene zinatayika. Khoma ndi khoma basi, paliponse pamene mungatenge. Diso lamanzere la bambo anu linalipo limodzi lokha pa chithunzipo.

Posachedwapa mayi wina wa zaka za m'ma 40 anandibweretsera chithunzi cha ukwati wa makolo ake, ndipo pa chithunzi chimodzichi panali pafupifupi mavuto onse amene ndikufuna tikambirane. Kuseri kwake kunalembedwa chaka cha 1974. Chinali cha masentimita 9 m'lifupi ndi 14 m'litali, chojambulidwa mu situdiyo kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba: mkwati atavala suti yakuda, mkwatibwi atavala velo, ndi mayi ake a mkwatibwi atavala duku ndi chitenje cha maluwa. Panali mizere yokandika isanu ndi umodzi, banga lofiirira la madzi m'munsi, kamtanda ka inki ya buluu kamene wina analemba pa phewa la agogowo atamwalira, ndiponso malo oyera okwana mamilimita 6 pa nkhope ya mkwati, pamene diso lamanzere, nsidze ndi mbali ya mphuno zinasupuka.

Ndisanayatse n'komwe kompyuta, ndinapita nacho pa windo n'kumachipendeketsa uku ndi uku. Izi aliyense angachite kunyumba. Mzere umene ukuoneka mukapendeketsa mbali ina n'kuzimiririka mukapendeketsa mbali inayo ndi wapamwamba chabe. Wangokanda khungu la jelatini ndipo ukunyezimira ndi kuwala, koma siliva akadalipo pansi pake. Mzere umene uli woyera mbee kulikonse kumene mungapendeketsere ndiye wafika pa pepala. Mwa mizere isanu ndi umodzi ija, iwiri inali yapamwamba, inayi inali yozama. Fumbi ndinalichotsa ndi kabulashi kofewa kouma. Musapukute chithunzi chakale ndi nsalu yonyowa, malovu kapena sipiliti. Jelatini wokalamba akanyowa amachoka ndi nsaluyo, ndipo mumakhala mwawonjezera bala lina ndi manja anu.

Kenako chithunzi chimalowa mu kompyuta kudzera pa sikana. Apa ndi pamene ntchito zambiri zimaonongekera zisanayambe. Pa chithunzi cha msinkhu uwu ine ndimasankha 600 dpi, kutanthauza kuti milimita iliyonse ya pepala imagawidwa m'timadontho pafupifupi 24. Chithunzi chonse chimatuluka ndi timadontho pafupifupi 2,100 m'lifupi ndi 3,300 m'litali. Mutu wa mkwati, umene pa pepala unali masentimita awiri, unakhala timadontho pafupifupi 470, ndipo diso lake labwino lija linakhala timadontho pafupifupi 60. Pamenepo pali malo okwanira kugwirapo ntchito. Ena amaganiza kuti akasankha 2400 dpi atulutsa zobisika. Ayi, amangokulitsa ulusi wa pepala ndi tinjere ta siliva, fayilo n'kulemera pachabe.

Zinthu ziwiri ndimaumirira kwa aliyense wogwira sikana. Choyamba, asunge fayilo yoyambayo ngati TIFF, osati JPEG, chifukwa JPEG imataya kanthu nthawi iliyonse imene mwaikonza n'kuisunganso. Ngati mukutumizira mbale wanu pa WhatsApp, tumizani ngati Document, apo ayi imafika itafinyidwa ndipo tsatanetsatane wa nkhope amakhala atasungunuka. Chachiwiri, ajambule mwa makala ngakhale chithunzicho ndi chakuda ndi choyera. Anyamata a m'mashopu a fotokope amadabwa nazo zimenezi, koma chifukwa chake chikuoneka pompano.

Sikana ikajambula mwa makala imasunga zithunzi zitatu zosanjikizana: china monga chikuonekera m'kuwala kofiira, china m'kuwala kobiriwira, china m'kuwala kwa buluu. Pa chithunzi chakuda ndi choyera, nkhope zimaoneka chimodzimodzi m'zitatu zonsezo, koma mabanga a mtundu saoneka chimodzimodzi. Banga lofiirira limatuwa kwambiri m'chithunzi cha kuwala kofiira, ndipo inki ya buluu imatuwa m'chithunzi cha kuwala kwa buluu. Mu pulogalamu ya GIMP, imene ndi yaulere, mumazilekanitsa popita pa Colors, kenako Components, kenako Decompose. Nditatero, banga la madzi lija linatsala pang'ono kutheratu m'gawo la red, ndipo maluwa a chitenje amene linawaphimba anaonekera okha. Kamtanda ka inki kanatuwa m'gawo la blue, n'kutsala kamzere kofooka pamene nsonga ya cholembera inadinikiza. Ndinatenga chithunzi chonse ku red, ndipo phewa la agogo lokha ndinalitenga ku blue. Uku ndiye kubweza kwenikweni, poti palibe chimene ndinapeka, ndinangochotsa chophimba. Inki ikakhala yakuda njirayi siithandiza, chifukwa chakuda ndi chakuda m'magawo onse atatu.

Mizere iwiri yapamwamba ija nayo sinafune chigamba. Nyali ya sikana imaunikira kuchokera mbali imodzi, ndiye mzere wogona mbali ina umanyezimira pamene wogona mbali inayo sunyezimira. Ndinatembenuza chithunzi chopingasa pa galasi la sikana, n'kujambulanso, ndipo mizereyo inangotsala ngati mthunzi. Zojambula ziwirizo mukazisanjikiza bwino n'kusankha Darken only, pulogalamu imatenga kadontho kakuderako pa malo alionse, kunyezimira kuja n'kuchoka. Kuzilunjikitsa kuti zigwirizane ndendende kumafuna kudekha, koma ndi bwino kutaya theka la ola pamenepo kusiyana ndi kumata chigamba pamene nsalu yeniyeni ikadalipo.

Tsopano mizere inayi yozama. Lamulo langa ndi lakuti chithunzi choyambirira sichikhudzidwa. Ndimatsegula Layer yatsopano yopanda kanthu, imene ili ngati pepala la pulasitiki loonekera loyalidwa pamwamba, ndipo zigamba zonse zimagwera pamenepo. Kuti chida chione chithunzi cha pansi chikulemba pamwamba, mumachonga pa Sample merged. Ubwino wake ndi wakuti nthawi iliyonse mukhoza kuzimitsa pulasitiki uja n'kuona chithunzi mmene chinabwerera, ndipo mwini chithunzi akhoza kuona ndi maso ake zimene mwawonjezera. Wokonza amene sangakuonetseni zimenezi muzimufunsa kawiri.

Zida zazikulu ndi ziwiri, ndipo mu GIMP zimatchedwa Clone ndi Heal. Mu Photoshop muli zofanana nazo. Pa zida zonse ziwiri za mu GIMP mumayamba mwasonyeza potenga: kudinikiza Ctrl n'kudina pamalo abwino, kenako n'kupaka pokandikapo. Clone imakopera ndendende, kadontho ndi kadontho. Heal imatenga maonekedwe a khungu la malo amene mwasonyezawo, koma kuwala ndi kuda imakusakaniza ndi malo ozungulira bala, ndiye chigamba chake sichionetsa msoko. Pa khoma la situdiyo, pa mphumi, pa tsaya, Heal ndiye mwini ntchito. Mzere wa pa jekete la mkwati unali wa timadontho pafupifupi sikisi m'lifupi, ndiye ndinasankha bulashi ya timadontho teni, yongopitirira pang'ono. Bulashi yaikulu imafulumira, komatu imafafaniza ndi zabwino zomwe za m'mbali.

Heal ili ndi khalidwe lake loipa. Ikafika pa malire a chakuda ndi choyera, monga pamene kolala yoyera ikukumana ndi jekete lakuda, imakoka mbali zonse ziwiri n'kusiya chibanga chotuwa ngati wina wapukutapo ndi chala cha makala. Pamalo otere ndimayamba ndi Clone. Ndimasonyeza potenga pa mzere wa kolala womwewo, pang'ono m'munsi mwa bala, kenako n'kulunjikitsa kuti mzerewo upitirire molumikizika. Malire akamangika, Heal imamaliza mbali iyi payokha ndi mbali inayo payokha. Clone nayo ili ndi vuto lake. Mukamatenga pamalo amodzi osasintha, kachizindikiro kamodzi kamabwerezeka katatu kanayi motsatizana ngati mapazi a nkhuku, ndipo diso la munthu limagwira msanga zimenezo. Muzisintha potenga pafupipafupi, mbali ino ya mzere kenako mbali inayo.

Chitenje cha agogo chinandikomera mtima. Mzere wina unadula duwa pakati, koma maluwa a chitenje amabwerezabwereza, ndiye duwa lomwelo linalipo lathunthu cha m'munsi. Ndinalikopera, n'kulipendeketsa pang'ono kuti litsatire mmene nsalu inapindikira. Chimenechi ndi chigamba ndithu, koma ndi chigamba chokhala ndi umboni, poti fakitale inadinda maluwa onsewo mofanana.

Palinso batani limene limakopa anthu aulesi. Mu GIMP ndi Despeckle, mu Photoshop ndi Dust & Scratches. Limachotsa timadontho tonse tating'ono nthawi imodzi, ndipo pa khoma lopanda kanthu limathandiza zedi. Koma silidziwa kusiyanitsa fumbi ndi kanyenyezi kowala ka m'diso, mabatani a malaya, mikanda kapena ndolo. Mukalilola kuyenda pa chithunzi chonse, anthu amatuluka ndi maso akufa ndi khungu losalala ngati zidole za m'shopu ya zovala. Muyambe mwazungulira khoma lokhalo ndi chida chosankhira malo, nkhope muzisiye kunja.

Pa nkhope ya agogo aja panali chinthu chimene ndikufuna okonza zithunzi achinyamata achimvetse. Pa tsaya lililonse panali timizere titatu tatifupi. Munthu wothamanga akanatifafaniza poyesa kuti ndi zokandika, pamene zinali mphini. Kusiyanitsa kwake sikovuta mukakulitsa chithunzi. Mzere wokandika umakhala wakuthwa kuposa china chilichonse pa chithunzipo, ndipo sulemekeza malire: umachoka pa tsaya, n'kudutsa pa duku, n'kukathera pa khoma. Chimene chinali pa thupi la munthu chimakhala chofewa mofanana ndi mphuno ndi milomo yake, chimakhala ndi tinjere ta siliva m'kati mwake, ndipo chimatsatira kupindika kwa nkhope. Mphini, zipsera, njerewere ndi mpata wa m'mano ndi zimene abale amamudziwira munthu wawo. Pokayikitsa pafunsidwe mwini chithunzi bulashi isanafikepo. Mayi uja nditamufunsa anaseka, nati, "Zimenezo musakhudze, bambo. Tili ana tinkaziwerenga ndi zala agogo akatinyamula."

Velo ya mkwatibwi inatiphunzitsa malire a mtundu wina. Mayiyo ankakumbukira kuti inali ndi timaluwa toluka, poti anaiona ili m'sutikesi ali mwana, koma pa chithunzi inangooneka yoyera. Chida cha Levels chimatha kukuza kusiyana kochepa kwambiri pakati pa choyera ndi choyererako, ndipo m'mphepete mwa velo, mmene munali kamthunzi, timaluwato tinatulukadi. Pamwamba pa mutu, pamene nyali ya situdiyo inawomba mwamphamvu, sipanatuluke kanthu kupatula ulusi wa pepala. Pamenepo siliva sanakhalepo chiyambire tsiku limene chithunzi chinatsukidwa. Chimodzimodzi ndi nkhope ya mwana amene anagwedezeka pojambula, kapena chithunzi chimene wojambula sanalunjikitse bwino kamera. Chida cha Sharpen chimangokhwimitsa malire amene alipo kale. Sichingabweretse nsidze zimene kamera sinazione.

Tinafika tsono pa diso la mkwati. Malo osupukawo anali timadontho pafupifupi 140 m'lifupi, pamene diso lonse ndi timadontho 60. Palibe ngakhale kachidutswa ka chikope kamene kanatsala koti n'kuyambirapo. Ndinafunsa mmene zinachitikira. Chithunzicho chinakhala zaka zambiri m'fulemu pa khoma la chipinda chodontha, chinamatirira pa galasi, ndipo pochotsa wina anachikoka.

"Nanga galasilo lili kuti, mayi?"

"Tinalitsuka n'kuikamo chithunzi china. Linali ndi kachinthu kakuda komatirira, tinachita kupala ndi lezala."

Kachinthu kakuda kameneko ndiye kanali diso la bambo awo. Jelatini akamatirira pa galasi, mbali ya chithunzi ndiyo imayang'ana galasilo, ndiye mukayang'ana kutsogolo kwa galasi diso limaoneka bwinobwino mmene linalili. Likanakhalapo, tikanalijambula ndi kamera n'kulibwezera pamalo pake pa kompyuta, misoko yokha n'kuimata ndi Clone. Choncho inu amene muli ndi chithunzi chomatirira, musachikoke, musachiviike m'madzi, musachiyanike pa dzuwa kuti chimatuke. Chotsani galasi ndi chithunzi pamodzi m'fulemu, mupite nazo zili chomatiriranacho kuti zijambulidwe kudzera pa galasilo. Ngati wina anakoka kale, sungani galasilo osalitsuka, ndipo galasi likasweka zidutswa zake zisungidwe.

Njira imene okonza ambiri amathamangira ndi kukopera diso labwino, kulitembenuza ngati pa kalilole, n'kuliika mbali inayo. Mayiyo anali atamva zoti zimatheka, ndipo anandipempha. Ndinamuuza kuti ndimuonetsa pa Layer yapadera kuti aweruze yekha. Zovuta zake ndi zitatu, ndipo zonse zinaonekera. Nyali ya situdiyo inali kudzanja limodzi, ndiye kanyenyezi ka m'diso ndi mthunzi wa pansi pa nsidze zikatembenuzidwa zimaloza kolakwika, munthu n'kuoneka ngati wamaso opingasa. Mkwati anali atacheukira pang'ono kwa mkazi wake, ndiye diso lakutali limayenera kuoneka lopapatirako kuposa lapafupi. Ziwirizi munthu waluso akhoza kuzikonza. Chachitatu sichikonzeka: palibe munthu amene mbali ziwiri za nkhope yake zimafanana ndendende, ndipo kusiyana kochepako ndi kumene kumapangitsa nkhope kukhala ya uje osati ya mbale wake.

Nditakonza kuwala ndi kupendekeka, chithunzi chinaoneka chokongola. Mlendo akanati palibe chinachitikapo. Mayiyo anayang'ana kwa nthawi, kenako anapukusa mutu.

"Ameneyu akufanana ndi bambo aang'ono. Bambo anga sankayang'ana chonchi."

Anaimbira foni azakhali ake, mlongo wa malemuwo, ndipo iwo anafotokoza kuti chikope chamanzere cha mlongo wawo chinali chogwerako kuyambira ali mnyamata, pamene anabayidwa ndi nthambi kubusa. Mwana wawo sankatha kutchula chimene chinalakwika, koma maso ake anakana. Taganizani chithunzi chimenecho chikanasindikizidwa, n'kugawidwa kwa adzukulu amene sanawaonepo agogo awo. Pakatha zaka makumi awiri, azakhali atapita, nkhope yopekayo ndiyo ikanakhala yoona m'banja lonse, popanda wotsutsa.

Panali chithunzi china cha bambowo, cha pa chiphaso cha kuntchito, chojambulidwa atakula ndithu. Chinatsimikiza za chikope chija, ndipo wina akanatha kudula diso pamenepo n'kulisamutsa. Koma limenelo ndi diso la munthu wa imvi, lojambulidwa ndi nyali ina, tsiku lina, mtima uli pena. Likhoza kutsogolera dzanja la wojambula amene akufuna kupeka mwanzeru. Silingatiuze mmene mnyamata uja anayang'anira pa tsiku la ukwati wake. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo pa ntchito yathuyi madziwo ndi siliva amene anapalidwa ndi lezala.

Sindikunena kuti kupeka n'koletsedwa. Chithunzi ndi cha banja, ndipo pali mabanja amene amafuna nkhope yathunthu yoti aike pa pulogalamu ya mwambo wa chiliza kapena pa khoma la pabalaza. Chimene ndimakana ndi kupeka mobisa. Ine ndi mayiyo tinagwirizana zosindikiza ziwiri. Pa choyamba, zonse zinakonzedwa kupatula disolo. Malo oyerawo ndinangowadetsa ndi mtundu wotuwa wofanana ndi khungu lozungulira, kuti asamakoke maso, koma aliyense woyandikira aone kuti apa panatayika kanthu. Pa chachiwiri ndinajambula diso motsatira chithunzi cha pa chiphaso ndi mawu a azakhali, chikope chogwerako, ndipo m'munsi mwa chithunzicho, pa mpata woyera, tinasindikiza mawu akuti diso lamanzere ndi nsidze n'zojambula pamanja, pamodzi ndi chaka chimene tachita zimenezi. Mawuwo ali kutsogolo dala, chifukwa zolemba kuseri zimatayika munthu akangojambula chithunzicho ndi foni n'kutumizira abale.

Njira yokhayo yobwezera diso lenileni ili kunja kwa kompyuta. Pafupifupi chithunzi chilichonse cha nthawi imeneyo chinachokera ku negetivu, ndipo negetivu ikapezeka ili bwino, zonse zimene zinatayika pa pepala zimakhala zilimo, nthawi zina ndi timaluwa ta pa velo tomwe. Masitudiyo ambiri akale anatsekedwa, koma pali chiyembekezo china chapafupi. Zithunzi za ukwati kawirikawiri sankatsukitsa chimodzi. Ankatumizako kwa ankhoswe, kwa makolo a mbali zonse ziwiri, ndi kwa abale amene anali pa ntchito ku Zambia, ku Rhodesia kapena ku Joni. Chithunzi chinzake chikapezeka, ngakhale chitang'ambika pakati, chimakwanira malinga ngati chinaonongeka pamalo ena. Mumajambula zonse ziwiri pa sikana imodzi ndi dpi yofanana, n'kuzisanjikiza, n'kutenga pabwino pa ichi kuphimbira poipa pa icho. Azakhali aja anakumbukira kuti chimodzi chinapita kwa msuweni wawo ku Kitwe, ndipo uthenga wapita kale kwa ana ake kuti afufuze m'maalubamu. Fayilo ya ntchito ndaisunga ngati XCF, zosanjikiza zake zonse zili padera, kuti diso lenileni likabwera tidzangozimitsa lopekalo.

Chithunzi choyambirira chinabwerera kwa mwini wake chili ndi mabala ake onse, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Musachitaye poti mwalandira chatsopano chowala. Musachimate selotepi, chifukwa ulimbo wake umalowerera n'kusiya banga lachikasu, ndipo pomatula umachoka ndi jelatini. Koposa zonse musachipititse ku makina a lamineti ngati satifiketi ya sukulu. Pulasitiki wotenthayo akagwira sachokanso, ndipo aliyense wodzafuna kuchijambula bwino m'tsogolo adzalimbana ndi kunyezimira kwake. Chiikeni m'envelopu ya pepala loyera chokhachokha, mayina a anthu ndi chaka mulembe pa envelopuyo ndi pensulo, ndipo chikhale m'chipinda chouma, kutali ndi khoma la kunja ndi denga lodontha. Pa khoma pakhale chosindikiza chatsopanocho, ndipo m'fulemu muikemo kakatoni kodula pakati kozungulira m'mphepete, kuti pakati pa chithunzi ndi galasi pakhale mpata.